Kukonza PDF kuti munthu wosaona aimve mwadongosolo

Lipoti la pachaka la gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama linali la masamba 8, ndipo pamaso linkaoneka bwino zedi: mitu ikuluikulu, zithunzi zitatu, tchati, tebulo la ngongole. Nditalitumiza, mayi wina wa m'gululi amene saona anandiimbira foni madzulo ake. "Achimwene, mwanditumizira chiyani kodi? Mawu a wapampando adukira pakati n'kulowa nkhani ya chindapusa, kenako nambala ya tsamba, kenako wapampando uja wayambiranso. Tebulo lanulo ndi manambala okhaokha, sindikudziwa kuti ndi a mwezi uti." Ndinatsegula fayiloyo pa kompyuta yanga, ndipo sindinaone cholakwika chilichonse. Vuto la PDF lagona pomwepo. Zimene maso akuona ndi zina, zimene pulogalamu yowerenga zapasikirini ikulankhula ndi zinanso.

Tsamba la PDF pa lokha limangouza kompyuta kuti chilembo ichi chikhale apa, chithunzi icho chikhale apo. Silidziwa kuti uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ili ndi tebulo. Zimenezo zimasungidwa padera, m'matagi, amene anabwera ndi PDF 1.4 mu 2001. Matagiwa saoneka patsamba. Amasanjika ngati mtengo wa nthambi, ndipo mapulogalamu owerenga zapasikirini monga NVDA ndi JAWS amatsata mtengo umenewu kuchokera pamwamba kutsika pansi. Choncho ntchito yonse imene tikugwira pano ndi yokonza mtengowo: chilichonse chikhale ndi tagi yoyenera, matagi atsatane bwino, ndipo zithunzi zikhale ndi mawu. Ndigwiritsa ntchito lipoti lomwe lija kuti muone mmene zimayendera.

Yambani mwamva kaye vutolo ndi makutu anu

Musanakhudze kalikonse, ikani NVDA pa kompyuta ya Windows. Ndi yaulere, imapangidwa ndi bungwe la NV Access la ku Australia. Ikayamba kulankhula imatha kukusokonezani, ndiye dziwiranitu kuti `Ctrl` amaikhazika chete. Ngati mawu ake akukuthamangirani, dinani `Insert` ndi `N` pamodzi, pitani pa `Tools`, musankhe `Speech Viewer`. Patuluka kabokosi kolemba chilichonse chimene NVDA ikunena, ndipo mutha kuwerenga pang'onopang'ono.

Tsegulani PDF yanu mu Acrobat Reader, dinani `Insert` ndi muvi woloza pansi kuti iwerenge mosalekeza. Kenako bwererani pamwamba n'kudina `H` kangapo. Batani limeneli limadumphira pa mutu wotsatira, ndipo umu ndi mmene anthu osaona amafufuzira chikalata, monga mmene inu mumathamangitsira maso pa mitu. Pa lipoti langa, NVDA inayankha kuti `no next heading`. Masamba 8, mutu ngakhale umodzi wopanda. Mitu yanga ija inali chabe mawu amene ndinawakulitsa ndi kuwadetsa.

Onaninso zinthu ziwiri msanga. Dinani `Ctrl` ndi `D`, ndipo pa `Description` muyang'ane pamene palembedwa `Tagged PDF`. Pakakhala `No`, fayiloyo ilibe matagi n'komwe, ndipo pulogalamu yowerenga imangoganizira yokha kuti chiyambe n'chiti. Chachiwiri, yesani kusankha mawu ndi mausi. Ngati sakusankhika, ndiye kuti tsambalo ndi chithunzi chochita kusikana, ndipo mulibe chilembo chimene makina angawerenge. Zikatero muyenera kuyamba mwalidutsitsa pa `Scan & OCR` mu Acrobat Pro kuti chithunzicho chisanduke zilembo, kenako n'kuwerenga nokha zimene zatuluka, chifukwa mawu a Chichewa amapotozedwa kawirikawiri. Chilembo cha ŵ ndicho chimavutika kwambiri. Koperani ndime imene ili ndi dzina loti Malaŵi, muimate mu Notepad, muone ngati latuluka lathunthu.

Ngati fayilo ya Word ilipo, bwererani komweko

Apa ndimaumirira. Kukonza matagi mu Acrobat n'kotheka, koma ndi ntchito yowawa, ndipo tsiku limene wapampando anene kuti musinthe chiganizo chimodzi, mupanganso PDF yatsopano ndipo zonse munakonza zija zapita. Zimene mwakonza mu Word zimakhalitsa.

Yambani ndi mitu. Ikani cholozera pa mutu waukulu wa chikalata, musankhe `Heading 1` pa `Styles`. Zigawo zikuluzikulu, monga mawu a wapampando, ndalama zolowa, ngongole, zikhale `Heading 2`, ndipo timitu ta m'kati mwa zigawozo tikhale `Heading 3`. Musadumphe kuchoka pa 1 kufika pa 3 chifukwa choti kukula kwa zilembo za 3 kwakusangalatsani. Womvetsera akamva mutu wa pamlingo wachitatu amaganiza kuti waphonya wina pakati. Ngati maonekedwe a mutuwo sakukukomerani, dinani kumanja pa dzina lake, musankhe `Modify`, musinthe mtundu ndi kukula momwe mufunira. Tagi imakhalabe yomweyo.

Mindandanda ipangidwe ndi mabatani a mndandanda, osati kulemba kamzere kapena nyenyezi pamanja. Mipata pakati pa ndime ipangidwe ndi `Spacing` mu `Paragraph`, osati kudina `Enter` kasanu, chifukwa ndime zopanda kanthuzo zimasanduka matagi opanda kanthu, ndipo munthu amamva `blank`, `blank`, `blank` osadziwa ngati chikalata chatha. Nambala za masamba zilowe kudzera pa `Insert` kenako `Page Number`. Zimene zili kumutu ndi kumiyendo kwa tsamba mwa njira imeneyi Word amazitulutsa ngati zokongoletsa, ndipo siziwerengedwa. Ine nambala zanga ndinazilemba pamanja m'timabokosi, n'chifukwa chake mayi aja ankazimva pakati pa chiganizo.

Timabokosi ta mawu timeneti, totchedwa `Text Box`, ndi tomwe tinaononga tsamba 2. Wapampando analemba ndime zinayi, ndipo pambali ndinaikapo kabokosi kokumbutsa za chindapusa cha obweza mochedwa. Kabokosi koyandama chotere kamamangiriridwa ku ndime ina yake, ndipo malo ake m'matagi satsata pamene diso likukaona. Kanga kanagwera pakati pa mawu a wapampando. Ndinakachotsa, uthengawo n'kuulemba ngati ndime wamba pambuyo pa mawu a wapampando, n'kuizinga ndi `Borders` kuti izionekabe ngati bokosi. Ngati mukufuna tsamba la mizati iwiri, gwiritsani ntchito `Layout` kenako `Columns`, osati mabokosi awiri oyandikana kapena tebulo lobisika. Zithunzi nazo muziike pa `In Line with Text` kuti zikhale pamzere umodzi ndi mawu, pamalo pomwe ziyenera kumveka.

Tebulo la ngongole linali ndi mizati inayi: mwezi, zobwerekedwa, zobwezedwa, zotsala. Dinani mu mzere woyamba, muonetsetse kuti `Header Row` yachongedwa pa `Table Design`, kenako mutsegule `Table Properties`, pa `Row`, muchonge `Repeat as header row at the top of each page`. Zikatero, munthu akamayenda m'tebulo amamva dzina la mzati nambala isanatchulidwe. Timabokosi tophatikiza pamodzi tipeweni ngati n'kotheka. Tebulo limodzi lalikulu la mitu iwiri yosanjikizana ndi bwino kuligawa pawiri.

Zoti mulembe pa zithunzi

Kuika mawu pa chithunzi n'kosavuta: dinani kumanja pa chithunzicho, musankhe `View Alt Text`, kapena `Edit Alt Text` pa Word wakale pang'ono, mulembe m'bokosi. Chovuta n'kudziwa choti mulembe, ndipo apa m'pomwe anthu ambiri amapunthwa ngakhale zina zonse atazichita bwino.

Funso limene ndimadzifunsa ndi ili: ndikanakhala kuti ndikuwerengera munthu lipotili pafoni, ndikafika pa chithunzichi ndikanati chiyani? Tengani chithunzi cha pa tsamba 3. Poyamba ndinalemba kuti "chithunzi cha msonkhano". Palibe chimene mawuwa akupereka. NVDA imanena kale yokha kuti `graphic`, choncho kuyamba ndi "chithunzi cha" n'kubwereza chabe, ndipo mawu oti msonkhano ali kale pa mutu wa chigawocho. Nditaganizira chifukwa chimene ndinaikira chithunzicho, ndinalemba kuti: "Mamembala akhala mozungulira pamphasa pansi pa mtengo wa mango, msungichuma akuwerenga ndalama poyera pafupi ndi bokosi la maloko atatu." Mfundo ya chithunzicho inali yoti ndalama zimawerengedwa aliyense akuona, ndipo ndi imene iyenera kumveka. Mtundu wa zitenje za amayi sindinautchule. Likanakhala kabuku kotsatsa zitenje, mtunduwo ndi umene ukanakhala nkhani. Chithunzi chimodzimodzicho chimafuna mawu osiyana malinga ndi pamene chili.

Tchati ndi chimene chimafuna kuleza mtima. Tinene kuti tchati chanu chikuonetsa ndalama zosungidwa mwezi uliwonse. Kulemba kuti "tchati cha ndalama zosungidwa" n'kumana munthu nkhani yonse. Kulembamo manambala onse 12 nakonso n'kumuzunza, chifukwa mawu a pa chithunzi amawerengedwa mulu umodzi, alibe mizere ndi mizati yoti munthu ayendemo n'kuyerekeza mwezi uwu ndi uwo. Njira yabwino ndi kunena zimene diso limatola pa mphindi yoyamba: "Ndalama zosungidwa zinatsika mu Januwale ndi Febuluwale, zinakwera kwambiri kuyambira Meyi mpaka Julayi pambuyo pokolola, kenako zinakhazikika. Manambala onse ali m'tebulo lotsatira." Ndiye tebulolo muliikedi pansi pa tchaticho. Oona ndi maso nawo amalikonda.

Zithunzi zina siziyenera kunenedwa n'komwe. Mzere wa maluwa wolekanitsa zigawo, mtundu wa kumbuyo, chizindikiro cha gulu chobwerezedwa patsamba lililonse: chongani `Mark as decorative`. Chizindikiro cha gulu chitchulidwe kamodzi pachikuto, basi. Koma chenjerani ndi chithunzi chimene chili ndi mawu m'kati mwake, monga chidindo, siginecha kapena chikalata chojambulidwa ndi foni. Mawu amenewo makina sawaona, ndiye muwalembe onse m'bokosilo monga alili. Ndipo musasiye dzina la fayilo ngati `IMG_2041.jpg` kukhala malongosoledwe. Mapulogalamu ena ofufuza zolakwika atha kukuuzani kuti zili bwino chifukwa bokosilo silili lopanda kanthu, pamene womvetsera akumva zilembo ndi manambala opanda tanthauzo.

Kutulutsa PDF osataya zimene mwakonza

Musanatulutse, pitani pa `Review` kenako `Check Accessibility`, mukonze zimene zatsala. Lembaninso mutu wa chikalata pa `File`, `Info`, `Title`.

Kenako samalani kwambiri, chifukwa ntchito ya tsiku lonse itha kutayika pa batani limodzi. Musagwiritse ntchito `Print` ndi `Microsoft Print to PDF`. Njira imeneyo imatulutsa tsamba looneka bwino koma lopanda tagi ngakhale imodzi, ndipo ndi imene ndinagwiritsa ntchito ulendo woyamba. Pitani pa `File`, `Save As`, musankhe PDF, dinani `Options`, muchonge `Document structure tags for accessibility`. Chonganinso `Create bookmarks using` ndi `Headings`. Amene mumalemba ndi LibreOffice Writer, pa `Export as PDF` pali `Universal Accessibility (PDF/UA)`, ndipo kuchonga pamenepo kumayatsanso matagi. PDF/UA ndi muyezo wa ISO 14289 umene unatuluka mu 2012, wonena mmene PDF yofikirika kwa onse iyenera kukhalira.

Kuyenda mu mtengo wa matagi

Gawo ili limafuna Acrobat Pro, yomwe ndi yolipira. Reader yaulere sisintha matagi. Ngati mulibe, musataye mtima: chikalata chosavuta chokonzedwa bwino mu Word chimatuluka chomveka kale, ndipo chilichonse chimene mwapeza poyesa mutha kubwerera kukachikonza ku Word. Koma ngati PDF inachokera kwa munthu wina ndipo fayilo yoyambirira kulibe, njira ndi yomweyi.

Sungani kope lina kaye. Zosintha zina za matagi sizibwezeka ndi `Ctrl` ndi `Z`, choncho ine ndimasunga kope latsopano ndikamaliza tsamba lililonse lovuta. Ngati fayilo ilibe matagi, pitani pa `All tools`, `Prepare for accessibility`, `Automatically tag PDF`. Zimene zituluke muzitenge ngati poyambira chabe. Kenako tsegulani `Accessibility tags`, chimene pa Acrobat wakale chimangotchedwa `Tags`. Mtengo wa matagi wa lipoti ngati langa, ukakonzedwa, mwachidule umaoneka chonchi:

```
<Document>
  <H1>
  <H2>
  <P>
  <P>
  <Figure>
  <L>
    <LI>
    <LI>
  <Table>
    <TR>
      <TH>
      <TD>
```

Dinani pa tagi yoyamba, kenako muzitsika ndi muvi woloza pansi pa kiyibodi. Tagi iliyonse mukafikapo, chinthu chake chimazingidwa patsamba. Maso anu akhale patsambalo, muziona kumene chizindikirocho chikulumphira. Chikatsika bwinobwino mzati woyamba n'kupita pamwamba pa wachiwiri, zili bwino. Chikalumpha kuchoka pakati pa mzati kupita ku bokosi la pambali n'kubwerera, mwapeza malo amene womvetsera amasokonekera. Kokani tagiyo ndi mausi mpaka pamalo pake, mukuyang'ana kamzere koonetsa pamene igwere, chifukwa n'kosavuta kuigwetsera m'kati mwa tagi ina m'malo moiika pansi pake. Tagi ikakhala ya mtundu wolakwika, monga mutu umene walembedwa `<P>`, dinani kumanja, `Properties`, musinthe pa `Type`. Momwemo mulinso bokosi la `Alternate Text` la matagi a `<Figure>`. Chokongoletsa chimene chalowa mumtengo, dinani kumanja pa kanthu ka m'kati mwa tagiyo, musankhe `Change Tag to Artifact`, kenako mufufute tagi yotsala yopanda kanthu.

Pali msampha umodzi umene unandidyera madzulo athunthu. Acrobat ali ndi gawo lina lotchedwa `Order`, loonetsa manambala 1, 2, 3 pa zigawo za tsamba, ndipo dzina lake limakopa munthu kuganiza kuti dongosolo la kawerengedwe lili pamenepo. Gawo limenelo limatsata dongosolo limene zinthu zinajambulidwira patsamba, lomwe ndi lofunika pa `Reflow`, pamene munthu wosaona bwino wakulitsa mawu kuti asanjike mumzati umodzi. NVDA ndi JAWS zimatsata mtengo wa matagi. Ziwirizi zitha kusiyana, manambala n'kuoneka olongosoka pamene matagi ali balalabalala. Choipa china n'chakuti kusuntha zinthu mu `Order` kumasintha chimene chili pamwamba pa chinzake. Ine ndinasuntha bokosi la mtundu wobiriwira, ndipo linakwera pamwamba pa mawu n'kuwaphimba, ndime yonse n'kuzimiririka. Ngati mukufuna kukonza zonse ziwiri, yambani ndi `Order`, muyang'ane ngati tsamba silinasinthe maonekedwe, kenako mumalize ndi matagi.

Tebulo lionereni padera. Sankhani `Fix reading order`, dinani pa tebulo, kenako `Table Editor`. Dinani kumanja pa kabokosi ka mutu, `Table Cell Properties`, musankhe `Header Cell`, ndipo pa `Scope` muike `Column` kwa mitu ya pamwamba. Maina a miyezi a mumzati woyamba nawo ndi mitu, koma a mizere, choncho awo muwaike `Row`. Ichi ndicho chinayankha dandaulo la mayi aja loti sakudziwa nambala ndi ya mwezi uti.

Chatsala ndi chiyankhulo ndi mutu. Pa `Ctrl` ndi `D`, pitani pa `Advanced`, ndipo pa `Language` muike chiyankhulo chenicheni cha chikalatacho. Chizindikiro cha Chichewa ndi `ny`. Ngati muli ndime ya Chingerezi, monga mawu otengedwa m'malamulo a gulu, tagi ya ndimeyo ili ndi bokosi lakelake la `Language` mu `Properties`, ndipo pulogalamu yowerenga itha kusintha katchulidwe ikafika pamenepo. Pa `Initial View`, pamene palembedwa `Show`, sankhani `Document Title`, kuti munthu akatsegula amve mutu wa lipoti osati dzina la fayilo la mtundu wa `lipoti_final_final2.pdf`.

Kuyesa

Yendetsani `Check for accessibility` mu Acrobat, kapena PAC, pulogalamu yaulere ya pa Windows yoyesa PDF ndi muyezo wa PDF/UA. PAC ili ndi `Screen reader preview`, imene imayala matagi onse motsatana patsamba limodzi, zithunzi ndi mawu ake omwe, ndipo kwa munthu wopanda Acrobat Pro iyi ndi njira yachangu yoonera mtengo uja. Mu Acrobat mudzaona kuti `Logical Reading Order` ndi `Color contrast` nthawi zonse zimalembedwa `Needs manual check`. Si kuti mwalakwitsa ayi. Makina sangadziwe ngati ndime iyi iyenera kubwera isanafike iyo, monganso sangadziwe ngati mawu a pa chithunzi akunena zoona.

Ndiye bwererani ku NVDA. Dinani `Insert` ndi `F7`, musankhe `Headings`, muone ngati mndandanda wa mituwo pa wokha ukufotokoza lipoti lonse. Dinani `G` kuti mudumphe chithunzi ndi chithunzi, mumve mawu ake. Dinani `T` kufika pa tebulo, muyendemo ndi `Ctrl`, `Alt` ndi mivi, mumve ngati dzina la mzati likutchulidwa mukapita kumbali, ndi dzina la mwezi mukatsika. Pomaliza tembenuzirani nkhope kumbali, musiye NVDA iwerenge tsamba limene linali lovuta kwambiri kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine pa tsamba 6 ndinamva mawu olembedwa pansi pa tchati akubwera tchaticho chisanafike, pakati pali ndime ina, chinthu chimene mapulogalamu onse awiri oyesa aja sanachione. Ndinakoka tagi ya mawuwo kuiika pansi pa `<Figure>`, ndinasunga, n'kutumizanso fayiloyo kwa mayi aja. Anayankha mawa lake kuti zonse zamveka, kupatula kuti m'tebulo la ngongole, zotsala za mwezi wa Ogasiti sizikugwirizana ndi zimene iwo analemba m'kaundula wawo, ndipo akufuna tikambirane Loweruka.